Napolo wa m'kamwa mwanga

Mpaka lero, ndikanena chinthu pagulu anthu n'kuseka, maso anga amathamangira kufunafuna yemwe sakuseka. Chizolowezi chimenechi ndinachitola mu Julayi 2023, pakhonde pa mayi anga aakulu kufupi ndi Chitakale ku Mulanje, tsiku lina Loweruka kukuzizira, chiperoni chitaphimba phiri lonse moti ngakhale minda ya tiyi simaoneka bwino.

Mchemwali wanga, mwana wa mayi aakuluwo, amakwatiwa mu Okutobala, ndipo monga mudziwa, ukwati wa masiku ano umayamba ndi komiti. Tinalipo anthu pafupifupi 20, ena a kuchikazi, ena a kuchimuna. Ine anandipatsa ulembi popanda ngakhale kuvota. "Uyu ndiye anapita ku yunivesite, ndipo ntchito yake ndi yolembalemba yomweyo," anatero amalume, nkhani n'kuthera pomwepo. Choncho Loweruka lililonse ndimakwera minibasi ku Limbe, kudzera msewu wa Midima, kope la komiti lili m'chikwama. Ntchito yanga yaikulu inali yowerenga mayina a anthu omwe analonjeza ndalama, ndi kunena omwe apereka komanso omwe sanapereke.

Mayina a anthu sinditchula m'nkhani ino. Ambiri akadali moyo ndipo tsopano ndi abale anga.

Pakati pa osapereka panali msuweni wanga, mwana wa amalume omwewo. Analonjeza K25,000 pa msonkhano woyamba, mokweza mawu, anthu n'kumuwombera m'manja. Masabata atatu anadutsa osaoneka ngakhale K500. Tsono mnyamata ameneyu kwathu amadziwika ndi chinthu chimodzi. Namondwe wa Freddy atawomba mu Malichi chaka chimenecho, iye anali ku Lilongwe, kouma, akudya kanyenya. Koma atabwerako, chilichonse amanamizira Freddy. Ngongole ya agogo sanabweze chifukwa cha Freddy. Foni yomwe anabwereka kwa mlongo wake inasowa chifukwa cha Freddy. Pabanja pathu inasanduka nthabwala yodziwika, moti mwana akaswa kapu timati "ndi Freddy ameneyo."

Nditafika pa dzina lake, sindinalitchule. Ndinangokweza mutu, n'kuyang'ana komwe anaima, chakumbuyo pafupi ndi chitseko, n'kunena kuti: "Koma ena inu musatiuze kuti ndalama zanu nazonso zinapita ndi Napolo. Freddy anatha mu Malichi, anthuni. Uno ndi Julayi."

A kwathu onse anafa nalo phwete. Msuweni naye anaseka, n'kundiloza chala. Ine mumtima ndinati eya, lero ndagoletsa. Paja amati mbuzi ikakondwa amalonda ali pafupi.

Kutsogolo kwa msuweniyo, pa mkeka, panakhala mayi ena a kuchimuna, azakhali ake a mkwati, ochokera cha ku Muloza, kumalire ndi Mozambique. Anadikira kuti phokoso lithe, anamanga bwino chitenje chawo, anawomba m'manja pang'ono ngati munthu wopita kuseri, n'kutuluka. Sanabwererenso. Ine ndinapitiriza kuwerenga mayina, ndipo dzina lotsatira m'kope linali lawo, K15,000, osapereka. Ngakhale pamenepo mutu wanga sunagwire kanthu.

Ndinadziwa Lolemba madzulo, amalume atandiimbira foni. Iwo saimba foni mwachisawawa, amangofulasha kuti uwaimbire ndiwe. Tsiku limenelo anaimba okha.

"Mphwanga, ukudziwa zomwe wachita?"

Anandifotokozera. Mayi aja nyumba yawo inapita ndi madzi usiku umodzi wa mu Malichi. Mbuzi zinapita, chimanga chomwe chinatsala pang'ono kukhwima chinakwiririka ndi mchenga ndi miyala. Mdzukulu wawo wamng'ono, yemwe amagona nawo, sanapezeke mpaka lero. Anakhala masabata angapo pa msasa wa pasukulu ina. Ku komiti amabwera chifukwa mkwatiyo anamulera ndi iwo, ndipo ndalama yoyendera amachita kubwereka. Ndiye m'mawa wa Loweruka lomwelo, msonkhano usanayambe, anakokera pambali msungichuma wathu, mayi wa mpingo umodzi ndi iwo, n'kumunong'oneza kuti K15,000 ija awadikire kaye mpaka atagulitsa nandolo, poti zinthu sizinabwerere m'malo chichitikireni madzi aja. Anamupempha kuti asauze munthu.

Patangotha maola awiri, mlembi wa komiti, mnyamata wa m'tauni, akuyang'ana mbali yomwe akhala, akunena kuti anthu asanamizire Napolo, Freddy anatha kale. Khonde lonse n'kuseka.

Inuyo mukanamva bwanji?

Kwa amene simunakulire kuno, mwina dzina la Napolo mumangolimva ngati nthano. Akuluakulu amati ndi chinjoka chachikulu chokhala pansi pa phiri, ndipo chikamasamuka kupita kwina chimagumula nthaka, miyala ndi mitengo, n'kukokolola chilichonse chomwe chili m'njira yake. A zanyengo amafotokoza kuti mvula ikagwa masiku angapo osalekeza, dothi la m'mapiri limakhuta madzi n'kutsetsereka. Kaya mutsata kufotokoza kuti, kuno dzinali lili ndi maliro kumbuyo kwake. Mu Malichi 1991 madzi ndi miyala zochokera m'phiri la Michesi zinapha anthu mazanamazana ku Phalombe, ndipo agogo athu amaikambabe nkhaniyo motsitsa mawu. Freddy naye, mu Malichi 2023, anasiya anthu opitirira 1,000 atamwalira kapena kusowa m'chigawo cha kummwera, boma mpaka linalengeza masiku 14 okhuza maliro. Mulanje ndi Phalombe anali m'gulu la maboma omwe anakhudzidwa kwambiri. Zonsezi ndimazidziwa. Ndinazilembapo kuntchito. Koma poti kwathu kwenikweni madzi anangogwetsa bafa ndi khola la nkhuku, Freddy kwa ife anafulumira kusanduka choseketsa.

Yankho langa loyamba kwa amalume linali lomwe aliyense amayamba nalo. "Koma malume, ine sindimanena iwowo. Ndimanena mwana wanuyo. Aliyense akudziwa."

"Aliyense wake uti?" anafunsa.

Funso limeneli linandisowetsa tulo. Macheza a pachisuweni ali ndi malamulo ake, ngakhale sitiwalemba. Msuweni umamunena pomutchula dzina, maso ndi maso. Iye ali ndi ufulu wobwezera, ndipo nthawi zambiri amabweza moposa. Omvera onse amadziwa ubale wanu, choncho amadziwa kuti palibe akuvulala. N'chimodzimodzi ndi adzukulu pamaliro, omwe amatha kunena zoseketsa anamfedwa ali pomwepo, popeza mwambo unawapatsa malo amenewo. Anzathu a ku Zambia ali ndi chimbuya, pomwe Abemba ndi anthu a kummawa amanyozana za kudya anyani ndi mbewa popanda wokwiya. Zonsezi zimayenda chifukwa wonena, wonenedwa ndi omvera akudziwana.

Ine ndinatenga macheza a m'nyumba mwathu n'kuwaponya pa gulu lomwe theka lake linali alendo. Dzina sindinatchule, ndinangoti "ena inu," ndipo mawu amenewa amagwera aliyense yemwe ali ndi ngongole m'kope. Maso anga analoza mbali yomwe kunali anthu awiri osapereka, wina ataima, wina atakhala. Mayiwo sakanachitira mwina koma kumva momwe anamvera. Munthu wina aliyense wanzeru zake, atakhala pa mkeka umenewo ndi chinsinsi chimenecho, akanamva chimodzimodzi.

Komanso wovulala sanali mmodzi. Mayi aja anatsimikiza kuti msungichuma anaulula zomwe anamunong'oneza, ndipo Lamulungu ku tchalitchi sanamupatse moni. A kuchimuna ena anayamba kunena kuti ngati akuchikazi akuseka anthu ovutika ukwati usanachitike, ndiye mwana wawo akakalowa m'banjamo zidzatha bwanji. Awiri anatumiza uthenga kuti Loweruka likudzalo sabwera. Mchemwali wanga anandiimbira akulira. Sanandikalipire, zomwe zinandipweteka kuposa akanandikalipira.

Usiku womwewo ndinatsegula foni n'kuyamba kulemba uthenga woti nditumize kwa onse a m'komiti. Kulemba ndi ntchito yanga, ndiye ndinadziona ngati katswiri. Ndinausunga uthengawo, ndipo umati: "Abale, pepani ngati ena munakhumudwa ndi macheza a Loweruka. Sichinali cholinga changa, ndimangocheza ndi msuweni wanga monga mwa nthawi zonse. Tiyeni tisalole zazing'ono kusokoneza ukwati wa ana athu."

Pa nthawiyo ndinauona wabwino kwabasi. Mwamwayi ndinayamba ndawawerengera amalume. Anakhala chete, kenako anati, "Wapepesa ndani pamenepo?"

Tauwerenganinso nanunso. Mawu oti "ngati" akusonyeza kuti mwina palibe chinalakwika. "Ena munakhumudwa" akuika vuto mwa okhumudwawo, ngati kuti ndi anthu a mtima wapachala. Chiganizo chachiwiri chonse chikuyeretsa ine. Chachitatu ndiye choopsa, chifukwa chikutcha imfa ya mwana "zazing'ono," kenako n'kuwasandutsa mayiwo munthu wofuna kusokoneza ukwati akapitiriza kudandaula. M'mizere itatu ndinakwanitsa kuwalakwira kachiwiri, mwaulemu wake. Mauthenga otere timawaona tsiku ndi tsiku kuchokera kwa andale, oimba ndi makampani, ndipo ena mwa iwo amalembedwa ndi anthu a ntchito ngati yangayi. Njira yachidule yowazindikirira ndi kufunsa kuti uthengawo ukatha, ndani watsala ndi ntchito. Ngati watsala nayo ndi wolakwiridwa, yoti amvetse, akhululuke, aiwale, ndiye kuti wolembayo amangodzichotsa m'mavuto.

Amalume anandiuza kuti ndiufufute, ndipemphe tchuthi cha tsiku limodzi, tipite ku Muloza. Anati pagulu ndidzapepesa ndithu, poti ndinalakwira pagulu, koma sungaimirire pa anthu 20 n'kumakamba za munthu yemwe sunakambe naye. Ukatero wamuyalutsa kawiri, chifukwa maso onse amatembenukira kwa iye asanakonzeke.

Ine ndinali ndi nzeru ina. Ndinati bwanji ndingowalipirira K15,000 ija mwakachetechete, dzina lawo lichoke pa osapereka. Amalume anaseka koyamba sabata imeneyo, koma kuseka kwake kosakoma. "Iwo akudandaula kuti wawanena kuti ndi osauka onamizira madzi. Iwe ukufuna ukatsimikize ndi ndalama?" Anati chipepeso cha kwathu ndi nkhuku, ndipo nkhuku sigula mlandu, imangosonyeza kuti wabwera ndi miyendo yako komanso wavomera kuti ndiwe wolakwa. Tinagula tambala wachikuda pa Chitakale. Anamuuzanso msuweni uja kuti avale bwino, akupita nawo, chifukwa popanda iye nkhani yanga ikamveka ngati bodza lopeka pambuyo.

Tinapita Lachinayi. Amalume anali atatumiza kale mawu kudzera kwa nkhoswe ya kuchimuna, choncho sitinawadzidzimutse. Tinakwera minibasi mpaka ku Limbuli, kenako njinga zamoto. M'njira ndinaona zomwe ndinkangozilemba ndili pa mpando ku Blantyre: miyala ikuluikulu ngati nyumba itakhala pakati pa minda, mchenga woyera pomwe panali chimanga. Mayiwo amakhala m'kanyumba kongoyembekezera, pamalo a mchimwene wawo.

Anatiyalira mkeka. Ine sindinakhale pa mpando womwe anatulutsa, ndinanjuta pansi pambali pa amalume. Analankhula ndi amalume poyamba, monga mwa mwambo, kuti abwera ndi mwana wawo yemwe walakwa. Kenako anandipatsa mpata. Ndinanena mawu omwe ndinanena Loweruka lija, onse, osawafewetsa. Ndinati anali mawu oipa kunena pamaso pa munthu aliyense wa kuno chaka chino, ndipo ndawapweteka. Za msuweni ndinazisiya kaye. Amalume anali atandichenjeza kuti kufotokoza kukabwera patsogolo kumamveka ngati kukana mlandu, koma kukabwera pambuyo, makamaka mwini wake akafunsa, kumathandiza.

Anafunsadi. "Nanga munadziwa bwanji za ndalama yanga?"

Apa ndi pomwe msuweni anagwira ntchito yake. Anavula kapu, n'kufotokoza yekha kuti wa ngongole yonamizira Freddy ndi iyeyo, kuti anaima kumbuyo kwawo, ndipo kuti nthawi ya madzi anali ku Lilongwe. Kunena zoona, sindinamuonepo mnyamata ameneyu akuchita manyazi chonchija. Ine ndinawonjezera kuti msungichuma sanandiuze kanthu, ndipo za pempho lawo ndinazimva Lolemba kwa amalume, nkhani itavuta kale.

Anakhala chete nthawi yaitali, akuyang'ana tambala uja. Kenako anati: "Mwanawe, ndamva kuti simumanena ine. Koma onse aja amaseka chiyani? Amaseka madzi omwewo."

Pamenepa ndinalibe yankho, ndipo ndikuganiza kuti ndinachita bwino kusayesa kulipeza. Ndinapita kumeneko ndikuganiza kuti vuto ndi kusamvana, kuti akangodziwa yemwe ndimanena, mtima wawo ukhala pansi. Kusamvanako kunathadi m'mphindi zisanu. Chomwe chinatsala ndi choti anakhala pakati pa anthu omwe akudzakhala abale awo, n'kuwamva akuseka usiku womwe unawatengera mdzukulu. Chimenecho anachimva bwinobwino, panalibe cholakwika m'makutu mwawo.

Ndinawapempha chilolezo choti ndikapepese pa komiti, ndipo ndinafunsa zomwe akufuna ndinene ndi zomwe sakufuna. Anandipatsa malire omveka. Dzina lawo nditchule, poti onse anawaona akutuluka ndipo kubisa kungangowonjezera manong'onong'o. Za mdzukulu ndisatchule ngakhale pang'ono. "Sindikufuna anthu azindiyang'ana ndi maso achisoni pa ukwati wa mwana wanga." Za K15,000 ndisatchulenso. Ndipo anati sakulonjeza kuti abwera. Nkhuku analandira.

Lachisanu usiku ndinalemba mawu oti ndikanene. Apa panali povuta pena. Ndimafuna kuyeretsa msungichuma pagulu, poti mphekesera yoti ndi wosasunga chinsinsi inali itafala, koma sindikanatha kutero popanda kuulula kuti panali chinsinsi. Ndinayesa njira zinayi. Pomaliza ndinapeza chiganizo chimodzi chomwe odziwa nkhaniyo akanamva, osadziwa n'kungochidutsa. Ndinachotsanso mawu onse ofotokoza momwe ine ndavutikira, kuti sindinagone, kuti mtima ukundiwawa. Zinali zoona, koma zikanachititsa anthu kuyamba kunditonthoza ine.

Loweruka anthu anabwera ochepa, mwina 15. Mayi aja anafika mochedwa pang'ono ndi mchimwene wawo, n'kukhala kumapeto kwa mkeka. Ndinali nditapempha tcheyamani kuti andipatse mpata pemphero likangotha, tisanalowe mu za ndalama, kusiyana ndi kumapeto pomwe anthu amakhala akuyang'ana nthawi ya minibasi. Ndinaimirira, kope ndinalisiya pansi, foni m'thumba. Ndinati:

"Akuluakulu, Loweruka lapitali ndinanena pano kuti anthu asanamizire Napolo, Freddy anatha mu Malichi. Ndinalakwa. Kwa anthu ambiri a kuno Freddy sanathe, ndipo si nkhani yoseketsa. Mawu amenewa anapweteka amayi athu a ku Muloza, pamaso pa inu nonse, n'chifukwa chake ndikupepesa pamaso pa inu nonse. Amayi, pepani. Ndimanena msuweni wangayu, koma sindinamutchule, ndipo ngakhale ndikanamutchula mawuwo akanakhalabe oipa. Palibe munthu wa m'komiti muno yemwe anandiuza kanthu za wina aliyense, zinachokera m'mutu mwanga ndekha. Inu munaseka chifukwa ine ndinayambitsa, mlanduwo ndi wanga. Kuyambira lero ndiziwerenga mayina ndi ndalama basi, popanda ndemanga."

Sizinafike mphindi ziwiri. Mawu anga ananjenjemera pa "amayi, pepani," zomwe sindinakonzekere.

Ndimaganiza kuti chovuta ndi kulankhulako. Chovuta chinabwera pambuyo pake. Pakhonde panati zii, ndipo anthu sapirira chete wotere. Mlamu wanga wina, munthu wabwino ndithu, anafuna kutithandiza tonse. Anati, "Aaa, zatha izi, anali macheza chabe. Paja wakwiya ndi mfiti!" Anthu awiri atatu anaseka mwamantha.

Mawu amenewa timawanena kawirikawiri osawaganizira. Amatanthauza kuti nthabwala ikakupweteka, wolakwa ndiwe. Ndinaona mchimwene wa mayi aja akuwongola msana, ndipo ndinadziwa kuti ulendo wonse wa ku Muloza ukhoza kuthera pomwepo. Kumutsutsa mlamu pagulu ndi kupanda ulemu, koma kukhala chete kukanatanthauza kuti ndikuvomereza. Ndinati, "Alamu, zikomo, koma amayi sanalakwe kukwiya. Ndinalakwa ndine." Mlamuyo sanandilankhule bwino kwa mwezi wathunthu. Ndinavomera mtengo umenewo.

Kenako tcheyamani, nayenso pofuna zabwino, anatembenukira kwa mayiwo. "Amayi, mwamva mwanayu. Mukuti bwanji, mwamukhululukira?" Ili ndi vuto lina la kupepesa pagulu lomwe sindinaliganizire. Wopepesa amakhala atakonzekera sabata yonse, pomwe wopepesedwa amafunsidwa kuti ayankhe nthawi yomweyo, anthu 15 akumuyang'ana, ndipo yankho lovomerezeka ndi limodzi lokha. Akati ayi, woipa ndi iye. Mwamwayi akuluakulu amadziwa kutchinga. Mchimwene wawo anayankha m'malo mwawo: "Tamva. Mwanayu anabwera kwathu, tinakambirana. Tiyeni tipitirize za ukwati." Mayiwo anangowomba m'manja kawiri, osanena kanthu.

Ndinatola kope n'kuyamba kuwerenga mayina. Sindinawerengepo mndandanda wouma chonchija. Nditafika pa dzina la msuweni ndinati "K25,000, sanapereke," ndipo palibe anaseka. Nditafika pa dzina la mayi aja ndinawerenga chimodzimodzi, ndi mawu omwewo, chifukwa kulidumpha kukanakhala kuwalozanso chala.

Pobwerera mu minibasi mnzanga wina wa m'komiti anandifunsa ngati sindinapyole muyeso. Anati nkhuku, ulendo wa ku Muloza, kuimirira ngati wa ku khoti, zonsezi chifukwa cha chiganizo chimodzi chomwe sichimanena n'komwe munthuyo? Anati tikatero ndiye anthu asiya kucheza. Funsoli silopusa, ndipo sindikufuna dziko lomwe msuweni sungamugemule. Ine ndi msuweni wanga timanyozanabe mpaka lero, moposa kale. Koma ndinamuuza kuti ayerekeze mbali inayo. Ine ndinataya tsiku limodzi la ntchito, mtengo wa tambala ndi ulemu pang'ono. Mayiwo, ndikanangotumiza uthenga wanga wa "ngati" uja, akanakhala pa ukwati wa mwana yemwe anamulera akudziwa kuti akuchikazi anawaseka ndipo palibe anaona cholakwika. Ndipo mchemwali wanga ndi amene akanakhala nazo zimenezo zaka zonse, pa maliro aliwonse ndi chinkhoswe chilichonse cha kuchimuna, ine ndili phee ku Blantyre.

Sizinathe mokoma ngati filimu. Awiri a kuchimuna aja anabwerera m'komiti sabata yotsatira. Msungichuma anandithokoza, koma anandiuzanso kuti ubwenzi wake ndi mayi aja sunabwerere pomwe unali. Amapatsana moni, amakhala benchi limodzi nthawi zina, koma zonong'onezana zinatha. Chimenechi ndinaswa ine, ndipo palibe mawu omwe ndikanaimirira n'kunena kuti chibwerere.

Kumapeto kwa Sepitembala mayiwo anabweretsa K15,000 yawo yonse, ndalama zakezake zopindapinda za nandolo, n'kupereka kwa msungichuma pamaso pa onse. Pa ukwati anali kuseri ndi amayi anzawo pa miphika kuyambira m'bandakucha. Nthawi ya perekaniperekani ndinawaona akuvina pang'ono, akuponya ma K50 m'beseni. Titakumana pa mzere wa chakudya anandiyang'ana n'kunena kuti, "Alembi, mwadya?" Ndinati ayi. Ananditengera mbale, n'kundiikira nyama ziwiri, n'kutembenukira kwa wotsatira. Ngati anandikhululukira, sananene, ndipo ine sindinafunse.

Kope lija ndikadali nalo. Mayina onse ali ndi chizindikiro choti anapereka, kupatula limodzi. Msuweni wanga K25,000 ija sanaperekebe.